Kuchotsa yemwe munasiyana naye pa chithunzi cha gulu

"Pa chithunzi chathu cha ku Nkopola pali yemwe ndinasiyana naye, dzanja lake lili paphewa la achemwali anga. Ndimuchotse bwanji?"

Pakufunika pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP, ndi chithunzi chenichenicho, osati chodzera pa WhatsApp chifukwa chimafika chitachepa mphamvu. Gwirirani ntchito pa kope.

1. Muzungulizeni munthuyo ndi chida chosankhira cha Free Select.
2. Ndi chida chokopera cha Clone, gwirani `Ctrl` n'kudina pa mchenga kapena nyanja yapafupi, kenako musiye `Ctrl` mum'phimbe. Mzere wa madzi uwongoke.
3. Dzanjalo: sankhani phewa la achemwali lokha, muphimbe zalazo ndi nsalu ya chovala chomwecho, motsata mapindidwe ake.
4. Ambiri amalakwitsa apa: amaiwala mthunzi pamchenga. Chotsani kaye zomwe munasankha ndi Select > None, muphimbe mthunzi wake ndi Clone. Werengani mithunzi, ifanane ndi anthu otsala. Salazani ndi chida cha Heal, mutayamba mwagwira `Ctrl` n'kudina pamalo potengera.