Momwe mungawerengere phindu kapena kuluza pa ndalama zochokera kunja

Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi kungoyerekeza zomwe munalandira mwezi watha ndi za mwezi uno. Kusiyana kumeneko kumasakaniza zinthu ziwiri: kusintha kwa mtengo wosinthira ndalama, ndi kuchuluka kwa ndalama zomwe m'bale wanu watumiza. Muyenera kuzilekanitsa.

Yambani ndi kupeza mtengo womwe anakusinthirani. Musatenge wa m'nyuzipepala kapena wa pa intaneti, chifukwa makampani otumizira ndalama amaikapo phindu lawo. Tengani risiti kapena uthenga wa pafoni, mugawe ndalama zomwe zalowa m'manja mwanu ndi madola omwe anasinthidwa. Ngati cholipira potumiza chinachotsedwa pa madola omwewo, werengerani otsalawo.

Tiyerekeze kuti mu Januwale achimwene anu anatumiza madola 200, inu n'kulandira 200,000 ya ndalama za m'dziko lanu. Ndiye kuti dola imodzi inali pa 1,000. Mu Malichi zinthu zinawathina, anatumiza madola 180 okha, koma munalandira 207,000. Mukagawa 207,000 ndi 180 mupeza 1,150.

Tsopano chotsani mtengo wakale pa watsopano, yankholo mulichulukitse ndi madola a mwezi watsopanowo. Apa 1,150 kuchotsa 1,000 ndi 150, ndipo 150 kuchulukitsa ndi 180 ndi 27,000. Limeneli ndiye phindu lobwera ndi kusintha kwa mtengo, osati 7,000 yomwe imaoneka poyamba. Yankho likatsika pansi pa ziro, mwaluza: ndalama ya kwanu yakwera mphamvu, dola ikukupatsani zochepa.

Nanga 20,000 inayo yapita kuti? Ndi madola 20 omwe sanatumizidwe aja, owerengedwa pa mtengo wakale wa 1,000. Chotsani 20,000 pa 27,000, mutsala ndi 7,000, yofanana ndendende ndi kusiyana kwa marisiti awiriwo. Zikapanda kugwirizana chonchi, bwererani pa risiti. Mupeza kuti mwalakwitsa masamu, kapena pa gawo lina la masamuwo munawerengera cholipira potumiza pomwe pa gawo lina simunatero.

Koma musafulumire kusangalala ndi 27,000 ija. Dola ikakwera mtengo, ndiye kuti ndalama ya kwanu yagwa, ndipo katundu wochokera kunja samachedwa kukwera naye. M'chitsanzo chathuchi dola yakwera ndi 15 peresenti. Ngati zomwe mumagula mwezi ndi mwezi zakwera ndi 15 peresenti yomweyo, phindu lonselo latha. Ngatinso muli ndi ngongole yobweza m'madola, palibe chomwe mwapindula pa gawo limenelo.

Ine ndimalimbikitsa kulemba m'kope zinthu zinayi tsiku lomwe mwalandiralo: deti, madola osinthidwa, cholipira potumiza ndi zomwe mwalandira. Achimwene akadzafunsa ngati madola 180 akukwanira, mudzawayankha ndi manambala.