Musayambe kumasulira buku la malangizo musanagwirizane mawu

M'nyengo ya madimba ino alimi a ndiwo zamasamba m'madera ena a ku Katete ndi ku Chadiza alandira buku lalitali la kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala a mbewu, lomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi. Bukulo ndi losindikizidwa bwino, zithunzi zake ndi zooneka, ndipo chiganizo chilichonse mukachiwerenga pachokha chimamveka. Vuto limaoneka mukawerenga mitu itatu motsatizana, chifukwa pamenepo mumazindikira kuti anthu angapo anagawana mitu, aliyense n'kupita nayo kwake, asanakhale pansi kugwirizana kuti chinthu chilichonse adzachitchula dzina liti. Ndikulembera inu amene mumapatsidwa ntchito yomasulira, ndi inunso amene mumagawa ntchitoyo, popeza cholakwa chimenechi chimachitika tsiku loyamba lenileni, tsamba loyamba lisanalembedwe.

Pa botolo la mankhwala ophera tizilombo pamalembedwa nthawi zitatu zosiyana, ndipo m'Chingerezi iliyonse ili ndi dzina lake. Yoyamba ndi nthawi imene iyenera kupita munthu asanalowenso m'munda wopoperedwa wopanda zovala zodzitetezera. Yachiwiri ndi masiku amene ayenera kupita kuchokera pa kupopera komaliza kufika pa kuthyola, kuti mankhwala otsalira pa chipatso kapena pa tsamba achepe mpaka pa mlingo wosavulaza wakudya. Yachitatu ndi masiku a pakati pa kupopera kumodzi ndi kwina. M'buku lija zitatu zonsezi zalembedwa kuti "nthawi yodikira". Womasulira mutu wa chitetezo anasankha mawuwo poganizira za kulowa m'munda, ndipo sanalakwe. Womasulira mutu wa kukolola anawasankha poganizira za kuthyola, nayenso sanalakwe. Koma mlimi sawerenga mutu umodzi ngati mmene womasulira anaumasulira. Iye amatsegula apa ndi apo, napeza tsamba lina likuti nthawi yodikira ndi tsiku limodzi, lina likuti ndi masiku 7, ndipo alibe chomuuza kuti akunena zinthu ziwiri.

Mayi wina wolima matimati m'dambo anandiimitsa nditapita kukaona gulu lawo, nandionetsa mabedi ofota pamene chitsime chinali pafupi ndipo chinali ndi madzi. Nditafunsa chifukwa chake, anati: "A alangizi, si inu nomwe munatipatsa buku? Mwana wanga wandiwerengera kuti tikapopera tidikire masiku 7, ndiye ine sindinapondemo, ngakhale kuthirira." Mayiyu anamvera malangizo ndi mtima wonse, ndipo kumvera kwakeko ndi kumene kunafotetsa matimati pa nthawi imene anali kuchita maluwa. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mlimi amene watsegula tsamba linalo. Iye wawerenga tsiku limodzi, wapopera Lachinayi, ndipo Loweruka matimati ake ali kale pa msika wa Kapata ku Chipata. Kufota kwa mbewu kumaoneka ndi maso, koma mankhwala otsalira pa chipatso saoneka, ndipo wogula sadzadziwa kuti gwero lake linali mawu awiri a m'buku.

Cholakwa chomwecho chili ndi mbali ina, imene ndi kupatsa chinthu chimodzi mayina ambiri. Chida chopopera chobereka kumsana chalembedwa "chopopera" m'mutu woyamba, "pampu" m'mutu wina, ndi "sipuleya" m'mutu wa kusamalira zida. Kusukulu tinaphunzitsidwa kuti kubwereza liwu limodzi ndi umphawi wa mawu, ndipo omasulira ambiri akali ndi chizolowezi chimenecho, chimene chili chabwino m'nthano koma choopsa m'buku la malangizo. Mlimi wa kudimba akamva "pampu" angathe kuganiza za pampu yotungira madzi, ndipo akawerenga kuti aitsuke katatu kutali ndi chitsime amangodabwa. M'buku la ntchito, liwu likasintha wowerenga ali ndi ufulu woganiza kuti chinthunso chasintha.

Miyeso ya malo nayonso yavulala. Kuno ku Zambia tili ndi lima, amene ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Tilinso ndi ekala, imene ili pafupifupi magawo awiri mwa asanu a hekitala. Womasulira wina, pofuna kuti alimi amve msanga, analemba "ekala" pamene buku loyambirira linali ndi hekitala, osasintha nambala. Tiyerekeze kuti malangizo akuti mamililita 400 a mankhwala m'malita 200 a madzi pa hekitala. Pamenepo lita imodzi ya madzi ikulandira mamililita 2, chopopera cha malita 16 chikulandira mamililita 32, ndipo lima mmodzi akufuna mamililita 100 okha. Mlimi amene wathira mamililita 400 pa ekala waposa mlingo kawiri ndi theka, wawononga ndalama, ndipo mwina watentha masamba. Masamu ake ndi osavuta, koma palibe amene akanawachita, chifukwa palibe pamene panalembedwa kuti buku lonse lidzagwiritsa muyeso uti.

Ndikauza anthu zimenezi, yankho limene ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti adzakonza pomaliza, wowerenga womaliza akamadutsamo. Yankho limeneli landitopetsa, popeza limachokera kwa anthu amene sanayesepo kukonza buku la masamba ambiri m'chilankhulo chathu. M'Chingerezi mungathe kulamula kompyuta ndi `Ctrl+H` kuti ichotse liwu lina paliponse n'kuikapo lina, ndipo nthawi zambiri chiganizo chimatsala chili bwino. Kwa ife dzina limakoka mawu onse oyandikana nalo. Mukachotsa "pampu" m'chiganizo chakuti "pampu yanu ikadzaza, itsekeni bwino", n'kuikapo "chopopera", mutsala ndi "chopopera yanu ikadzaza, itsekeni bwino", pamene chiyenera kukhala "chopopera chanu chikadzaza, chitsekeni bwino". Ndipo ziganizo zitatu zotsatira, zimene sizitchula dzinalo koma zikungoti "ikatha" kapena "isungeni", kompyuta siziona n'komwe. Za "nthawi yodikira" ndiye n'zovuta koposa, chifukwa paliponse pamene mawuwo ali, munthu ayenera kubwerera ku buku la Chingerezi kukaona kuti mwa nthawi zitatu zija ankanena iti. Kumeneko ndi kumasulira kachiwiri, ndipo pofika nthawi imeneyo ndalama zatha, wosindikiza akudikira, mvula yayandikira, motero buku limatuluka momwemo.

Chizolowezi china chimene chiyenera kutha ndi chakuti aliyense wolankhula bwino angathe kumasulira, choncho buku limaperekedwa kwa amene ali pafupi. Chigawo cha Kum'mawa si cha chilankhulo chimodzi. Wokulira ku Petauke amabwera ndi mawu a Chinsenga, wa ku Lundazi ndi a Chitumbuka, wa ku Mambwe ndi a Chikunda, wokulira ku Lusaka ndi Chinyanja cha m'tauni, ndipo amene anaphunzira ndi mabuku a ku Malawi amalemba "mtedza" pamene alimi athu ambiri amati "nshawa". Palibe mmodzi mwa iwo amene akulakwa, koma buku limodzi silingasenze zonsezo popanda wina wosankha. Ngakhale kalembedwe n'kofunika kusankha: malamulo a kalembedwe amene Unduna wa Maphunziro unavomereza m'chaka cha 1977 amalemba "c" pamene a ku Malawi amalemba "ch", ndipo ndaona buku lolemba "cimanga" patsamba lina ndi "chimanga" patsamba lotsatira. Zimenezi sizipha munthu, koma zimauza wowerenga kuti olemba sanali pamodzi, ndipo iye amayamba kukayika ngakhale manambala.

Sindikunena kuti mndandanda wa mawu umachiritsa zonse. Womasulira amene sakumvetsa chifukwa chake mlimi ayenera kudikira asanathyole adzalakwitsa ndithu ngakhale mutampatsa liwu loyenera. Phindu lenileni la mndandanda ndi lakuti umakakamiza anthu kufunsa tanthauzo nthawi ikalipo. Pamene mukuyesa kulemba m'chiganizo chimodzi tanthauzo la nthawi yoyamba ija, kenako la yachiwiri, mpamene mumaona kuti ndi zinthu zosiyana ndipo zikufuna mayina osiyana, monga "nthawi yosalowa m'munda", "masiku osathyola" ndi "masiku a pakati pa kupopera". Mayina amenewa ndi aatali, ndipo ena adzati sakukoma, koma aliyense mwa iwo akuuza mlimi chimene sayenera kuchita, ndipo mayi wa matimati uja akanawerenga "masiku osathyola" akanathirira dimba lake.

Kakonzedwe kake si kachilendo. Munthu mmodzi awerenge buku lonse la Chingerezi asanagawe mitu, alembe mawu amene akubwerezedwa m'mitu yambiri, miyeso yonse, ndi mawu aliwonse amene kulakwitsa kwake kungavulaze munthu, chiweto kapena mbewu. Pa liwu lililonse pakhale liwu la Chingerezi, tanthauzo lake m'chiganizo chimodzi lotsimikizidwa ndi mlangizi wa zaulimi kapena katswiri wa ku malo ofufuzira ngati Msekera, liwu limene mwasankha, chiganizo chachitsanzo choonetsa mawu ogwirizana nalo, ndiponso mawu amene mwawakana, kuti wina asadzawabweze poganiza kuti munaiwala. Kumene alimi ali kale ndi liwu lawo, tengani limenelo, ngakhale likhale lobwereka. Musapeke latsopano chifukwa chofuna kuoneka odziwa.

Mawu oopsa aja muwayese kwa alimi a m'maboma awiri kapena atatu, amuna ndi akazi. Musawafunse ngati amva, chifukwa mwaulemu adzavomera. Awerengereni chiganizo, kenako afunseni kuti mawa adzachita chiyani m'dimba, ndipo yankho likasiyana ndi cholinga cha buku, liwulo lisinthidwe. Mndandanda ukhale ndi wousunga mmodzi, ndipo womasulira akakumana ndi liwu latsopano pakati pa ntchito, alitumize kwa wosungayo tsiku lomwelo m'malo mosankha yekha, kuti onse alandire mndandanda wokonzedwanso wokhala ndi deti. Pomaliza uikidwe kumapeto kwa buku, ndipo uperekedwenso kwa alangizi a m'makampu ndi kwa owulutsa mapulogalamu a zaulimi pa wailesi za m'chigawo chino, kuti zimene mlimi amamva pa wailesi zifanane ndi zimene zili patsamba. Amene muli ndi buku lija m'manja, uzani alimi pa msonkhano wotsatira kuti masiku osathyola awaone pa botolo lenilenilo, popeza amasiyana malinga ndi mankhwala komanso mbewu.