Powerenga lipoti la IMF lounika ngongole, osayambira pa tsamba loyamba

Pitani kumapeto, ku tebulo la Quantitative Performance Criteria. M'menemo ndi mmene muli malire enieni, monga ndalama zomwe boma lisapyole pokongola m'dziko momwemo. Boma likaphonya chimodzi mwa izi, gawo lotsatira la ngongole silituluka mpaka akuluakulu a IMF atavomera kukhululuka. Zolembedwa pansi pa Indicative Targets, komwe nthawi zambiri kumakhala ndalama zothandizira osauka, kuziphonya sikuimitsa ndalama pakokha.

Za sabuside, kaya wa feteleza ngati AIP kapena wa mafuta, muzifune pa Structural Benchmarks, zosintha zomwe boma lalonjeza kuchita, ndi pa Prior Actions, zomwe liyenera kuchita IMF isanavomere kutulutsa ndalama. Chenjerani ndi mawu akuti better targeting: kawirikawiri amatanthauza kuchepetsa olandira. Manambala ambiri a mutebulo amawerengedwa mowunjika kuyambira pomwe chaka cha boma chayambira, kwathu kuno pa 1 Epulo, ndiye ya Seputembala ndi ya miyezi 6.