Dzina likalakwika pa simu khadi

Abale a kumudzi okhala muno mu Harare, ngati kalaliki analakwitsa chilembo polembetsa simu khadi, musathamangire kwa ejenti wa pamsewu. Iyeyo ntchito yake kwenikweni n'kulandira ndi kupereka ndalama za pa foni. Pitani ku shopu yeniyeni ya kampani ya foniyo, mutanyamula chitupa kapena pasipoti yeniyeni, fotokope yake, ndi foni.

Ine anandilemba "Piri" m'malo mwa "Phiri". Anakonza pa layini, koma mlamu wanga atanditumizira ndalama, uthenga unabwerabe ndi "Piri". Kani chikwama cha ndalama cha pa foni chili ndi kaundula wakewake! Ndinakweranso kombi kachiwiri.

Ndiye auzeni akonze konse kuwiri tsiku lomwelo. Zikatheka, wina akutumizireni kandalama kochepa, muone dzina lomwe latuluka pa uthenga wake.