Momwe mungalembere mafunso osankha yankho oyesa ngati mwana wamvetsa nsichi zisanu za Chisilamu

M'madrasa ambiri a ana athu kuno ku Johannesburg, funso limakhala lakuti, "Kodi nsichi yachitatu ndi iti?" ndipo mwana amene waloweza mndandanda wa Shahada, Swala, Zakaat, Swaumu ndi Hajj amakhoza ngakhale sakudziwa kuti Zakaat imamugwera ndani. Funso loyesa kumvetsa limamupatsa mwana nkhani ya munthu, kuti iye agamule yekha.

Choyamba, musayambe ndi yankho lolondola. Lembani kaye zolakwa zimene mumazimva m'kalasi, chifukwa mayankho osokeretsa abwino amachokera m'zolakwa zenizeni za ana.

Kenako pangani nkhani yaifupi yokhala ndi zonse zofunika. Mwachitsanzo: "Bambo wina wogwira ntchito m'sitolo ku Fordsburg wasunga R40,000 kwa chaka chathunthu cha Chisilamu ndipo alibe ngongole. Tiyerekeze kuti nisab ndi R15,000. Kodi apereke Zakaat yochuluka bwanji?"

A. R625
B. R1,000
C. R4,000
D. Asapereke, poti anapereka kale Zakaatul Fitr

Yankho ndi B, chifukwa 2.5 peresenti imawerengedwa pa ndalama yonse. Wosankha A wawerengera R25,000 yokha yopitirira pa nisab, poganiza kuti nisab imachotsedwa, pamene iyo ndi malire ongosonyeza kuti Zakaat yakakamizika. Wosankha C wabweretsa chakhumi cha mbewu zolimidwa ndi mvula pa ndalama, ndipo wosankha D sakusiyanitsa Zakaat ya chuma ndi ija yapamapeto a Ramadhan. Motero mwana akalakwa, mphunzitsi amadziwa pamene ayenera kubwerezapo. Nisab muziitchula m'funsomo, popeza imasintha ndi mtengo wa siliva kapena golide.

Chachitatu, ndipo ichi ndimachiona chofunika kwambiri kuno, pewani funso limene yankho lake limasiyana pakati pa madhhab. Ambiri a ife ochokera ku Malawi tinakulira m'chiphunzitso cha Shafi'i, pomwe mizikiti yambiri ya ku Mayfair ndi Lenasia imatsata Hanafi. Zibangili zagolide zimene mayi amavala zimaperekedwa Zakaat kwa a Hanafi, koma kwa a Shafi'i ayi, choncho funso lotere lingalakwitse mwana amene waphunzira bwino kwawo, pokhapokha mutatchula madhhab.

Pa Swaumu njira ndi yomweyi: funsani za mayi wokwera basi kuchokera ku Johannesburg kupita ku Blantyre m'mwezi wa Ramadhan. Yankho ndi lakuti akhoza kumasula n'kudzabweza masikuwo, monga ikunenera Surah Al-Baqarah, ndime 185.

Pomaliza, onetsetsani kuti yankho lolondola silikutalika kuposa enawo, kenako mupatse mphunzitsi mnzanu ayankhe asanaone mayankho anu. Mayeso akatha, werengani amene anasankha yankho lililonse. Yankho limene palibe analisankha silinagwire ntchito, ndipo mulisinthe. Ngati ana akhama ndiwo alakwa kwambiri funso lina, liwerengeninso, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala kalembedwe kake.