Ndondomeko ya masabata 6 okonzekera pulakitiko ya anatomi

"Kwatsala masabata 6 kuti tilembe pulakitiko, mafupa, minofu ndi masilaidi, ndiyambire pati?"

Yamba mafupa achimwene, sabata 1 ndi 2, poti minofu imagwira pamafupa pomwepo. Alipo 206 koma usaloweze pabuku, litenge fupalo m'manja, unene dzina ndi kuti ndi la kumanja kapena kumanzere, chigaza uchipatse masiku 4 paokha, mabowo ake aja amazunguza mutu.

Sabata 3 ndi 4 minofu, uliwonse unene pomwe wayambira, pomwe wathera, ntchito yake ndi mtsempha wa ubongo wouyendetsa. Baisepusi mwachitsanzo, wachoka pasikapula kukathera pa rediyasi, umapinda chigongono.

Masilaidi usadikire sabata 5, tsiku lililonse mphindi 20 pa maikulosikopu, kuyambira lenzi yaing'ono. Ya 5 yo uzisiyanitsa zofanana, mnofu wa mtima uli ndi nthambi, wa pamafupa ulibe.

Sabata 6 mnzako abaye mapini pa ziwalo, iwe uzitchula dzina la pomwe wabayapo pa mphindi imodzi basi.