Momwe mungatsimikizire tikiti ya ndege yogula kwa ejenti wa pa WhatsApp

Ulendo wanga woyamba wa pandege wopita ku Joni unathera pakauntala ya pa bwalo la ndege la Kamuzu, ku Lumbadzi. Ndinali nditavala jekete lobwereka, chikwama chodzaza ufa ndi usipa wa achemwali anga, m'manja pepala losindikiza bwino la chizindikiro cha kampani ya ndege. Mayi wa pakauntala analemba dzina langa kawiri, kenako anati, "Achimwene, malo munasungitsadi, koma tikiti sinatuluke. Munalipira kwa ndani?" Ndinali nditalipira mnyamata wina wa pagulu la WhatsApp la anthu opita ku Joni, yemwe mtengo wake unali wotsika ndi K150,000 poyerekeza ndi wa ku ofesi. Nditamuimbira, foni inali yozima.

Si onse ogulitsa pa intaneti amene ali akuba, ndipo ine ndimagulabe kwa ena. Kungoti tsopano ndimatsata njira iyi.

Choyamba, onani mtengo weniweni. Lowani patsamba la kampani ya ndegeyo, lembani tsiku lomwelo ndi ulendo womwewo. Ejenti akhoza kutsitsa pang'ono, koma wokuuzani theka la mtengo ali ndi chimene akubisa. Akamati "ndili ndi m'bale wanga mkatimu" kapena "atsala mipando iwiri, tumizani pompano", ine ndimangotseka macheza.

Chachiwiri ndi chimene chinandigwetsa ine, ndiye ndichedwapo. Kusungitsa malo ndi kugula tikiti ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale mapepala ake amafanana ngati mapasa.

Ejenti akasungitsa malo, makina amatulutsa nambala ya zilembo ndi manambala 6, monga K7XQ2M. Papepala imalembedwa kuti Booking reference kapena PNR. Kuti nambalayi ituluke sipafunika kulipira ngakhale tambala imodzi. Kampani imasunga mpandowo kwa kanthawi, mwina maola ochepa mwina masiku angapo, ndipo nthawiyo ikatha ndalama isanalowe, malowo amafufutika okha. Mnyamata uja anachita zimenezi basi. Ananditumizira nambala ya zilembo 6, ine ndinaiika patsamba la kampani, ndinaona dzina langa, tsiku langa, nthawi yonyamuka, mpaka mawu akuti Confirmed. Ndinasangalala n'kutumiza ndalama. Zonse zimene ndinaona zinali zoona. Mawu akuti Confirmed, kapena zilembo HK zimene zimaoneka pamapepala ena, amangotanthauza kuti mpando ulipo m'dzina lanu panthawiyo. Sanena kuti walipiridwa.

Umboni wa kulipira ndi nambala ina, yaitali, ya manambala 13 opanda chilembo chilichonse. Imalembedwa kuti Ticket number kapena E-ticket number. Manambala atatu oyambirira amasonyeza kampani imene yatulutsa tikitiyo: 071 ndi Ethiopian Airlines, 706 ndi Kenya Airways, 083 ndi South African Airways. Pepala langa lija ndinalisunga, ndipo ndikaliyang'ana lero ndimadziseka, chifukwa nambala imeneyi palibe paliponse. Munthu aliyense amakhala ndi nambala yakeyake, choncho ngati mukuyenda ndi mwana, payenera kukhala ziwiri.

Komanso nambala ya 13 yongolembedwa papepala siikwanira, chifukwa aliyense wodziwa kompyuta akhoza kuilemba yekha. Tsegulani tsamba la kampaniyo polemba nokha adiresi yake, osati podina kumene ejenti wakutumizirani, chifukwa masamba abodza ofanana ndi enieni alipo. Pezani pamene palembedwa Manage Booking kapena My Trips, ikani nambala ya zilembo 6 ija ndi dzina la bambo monga lilili papasipoti. Fufuzani ngati nambala ya 13 ikuoneka pamenepo ndipo ikufanana ndi ya papepala. Mukaona batani lokuuzani kuti mulipire, dziwani kuti palibe amene walipira. Masamba ena sasonyeza nambalayi poyera. Zikatero imbani ku ofesi ya kampaniyo, kapena pitani ndi mapazi ngati muli ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo funso lake likhale lolunjika. Musafunse kuti "Kodi dzina langa lilipo?" chifukwa adzati lilipo. Funsani kuti, "Kodi tikitiyi yatuluka, ndipo ili yotseguka?" Tikiti yabwino yosagwiritsidwa ntchito imaoneka kuti OPEN pamakina awo.

Apa pali vuto limene muyenera kulidziwa. Ejenti woona mtima naye safuna kutulutsa tikiti musanamulipire, chifukwa ikatuluka ngongole ndi yake. Ndiye wina ayenera kuyamba kukhulupirira mnzake. Ine ndimathana nazo motere: ndimapita kumene iye amagwirira ntchito, kapena ndimatuma m'bale, ndalama n'kuperekedwa tikiti ikutuluka pamaso pathu. Wopanda ofesi yoti n'kufikako, wokana kukumana, ameneyo ndimamusiya ngakhale atatchipitsa bwanji.

Chachitatu, onaninso mawa lake. Ejenti amene watulutsa tikiti amatha kuifafaniza tsiku lomwelo osalipira kanthu, ndipo pamakina imasanduka VOID. Njirayi inaikidwa kuti azikonza akalakwitsa dzina, koma atsizinamtole amaigwiritsa ntchito: tikiti yeniyeni masana, inu mwaona mwakhutira, usiku n'kuifafaniza. Ndiye kukacha bwerezani zonse zija. Onaninso patatsala masiku atatu kuti munyamuke, chifukwa palinso matikiti ogulidwa ndi khadi la kubanki lobedwa, amene kampani imathetsa mwini khadi akadandaula. Matikiti otchipa modabwitsa aja ena amachokera kumeneko. Ngati lisiti likusonyeza kuti analipira ndi khadi la munthu amene simukumudziwa, funsani ku ofesi ngati adzafune kuona khadilo pokwera, chifukwa makampani ena amatero.

Za kalipiridwe sindichulutsa. Pa Airtel Money ndi pa Mpamba pomwe, werengani dzina la wolandira. Ngati mukucheza ndi mwamuna wodzitcha kampani koma ndalama ikupita ku dzina lina la munthu wamba, ndipo akuti "ndi nambala ya akazi anga", imani kaye. Akaunti ya kubanki ya dzina la kampani ndi yabwino kuposa zonsezi. Uthenga wotsimikiza kulipira musaufufute, macheza onse ajambuleni, chifukwa kupolisi adzafuna zimenezo, ndipo anyamatawa amafufuta mauthenga msanga.

Kenako onani kalembedwe ka dzina, makilogalamu a katundu amene akulolani (matikiti ena otchipa amakhala a chikwama cha m'manja chokha, ufa uja n'kuulipirira padera), ndipo tsiku limodzi musananyamuke dinani Check-in patsamba lomwelo. Chiphaso chokwerera chikatuluka, gonani tulo.

Matikiti a basi za ku Joni ndi osavuta. Imbani nambala yolembedwa pa ofesi kapena pabasi penipenipo, osati ya patsamba la Facebook, mufunse ngati dzina lanu lili pamndandanda wa tsikulo komanso nambala ya mpando. Amene ali ku Blantyre, kupita pa Wenela n'kotchipa kuposa kutaya ndalama ya ulendo wonse.

A zoimbaimba ndi a mpira ndiye ovuta kutsimikiza, chifukwa kachizindikiro ka QR kamodzi munthu akhoza kugulitsa kwa anthu khumi, ndipo amalowa ndi amene wayamba kufika pageti. Chithunzi cha tikiti sindigula. Ngati ndikugula kwa munthu, timakumana pageti pomwepo, iye n'kuima pambali panga mpaka makina alire, ndalama ndimapereka ndili mkati kudzera pa mpanda.